Zithunzi za risiti kapena tsamba la zonkhetsa

Tili ndi golosale ku Nchalo, koma ine ndimakhala ku Chikwawa. Mlongo wanga amanditumizira nambala za malonda a m'golosalemo pa WhatsApp, ndipo tayesa njira ziwiri.

Poyamba ankajambula makope a kaboni a m'buku la risiti, tsamba ndi tsamba. Ubwino wake ndimaona katundu, kuchuluka ndi mtengo, ndiye nambala yokayikitsa ndimaitsimikiza pochulukitsa. Tsiku lina ndinawerenga K17,500, koma mapaketi 5 a shuga pa K2,300 ndi K11,500. Inali 1 yokhala ndi kamchira, osati 7. Vuto ndi lakuti kaboni wogwiritsidwa ntchito kambirimbiri amazilala, tsamba logwidwa ndi manja a thukuta m'kutentha kwa kuchigwa kuno limada, ndipo WhatsApp imachepetsa chithunzi mpaka 3 ndi 8 zimafanana.

Kenako tinayesa tsamba limodzi la zonkhetsa za tsiku, lolembedwa ndi cholembera. Limawerengeka bwino, silidya bandulo. Koma iye akalakwitsa pokopera, kapena akasiya 0 mmodzi, ndilibe poyerekezera.

Ine ndinabwerera ku risiti. Amajambula masana pamthunzi, foni italunjika pamwamba pa tsamba, n'kutumiza ngati Document kuti chithunzi chisachepetsedwe. Nambala za risiti zikadumpha, ndimadziwa kuti tsamba lina latsala.