Ntchito anaigwira bwino, koma fayilo ya mapasiwedi anaisiya mu fulashi

Ndinagula laputopu yatsopano pa shopu ina ya makompyuta ku Limbe, ndipo ndinapempha kuti andisamutsire mabukumaki ndi mapasiwedi kuchoka mu Chrome ya pa kompyuta yakale kupita mu Firefox ya pa yatsopanoyo. Ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Ine ndinkaganiza kuti kukopera foda yonse ya Chrome mu fulashi n'kokwanira, koma amisiri amene anandithandiza anandiletsa. Anafotokoza kuti pa Windows mapasiwediwo amakhala otsekedwa ndi kiyi womangika ku akaunti ya kompyuta yomweyo, kotero fodayo ikapita pa makina ena mapasiwedi satseguka. Anatinso njira ya Firefox yotengera zinthu mwachindunji kuchokera mu bulawuza ina imagwira pokhapokha mabulawuza onse awiri ali pa kompyuta imodzi.

Mabukumaki sanavute. Pa kompyuta yakale anatsegula chrome://bookmarks n'kusankha Export bookmarks, ndipo panatuluka fayilo imodzi ya HTML. Mu Firefox anadina Ctrl+Shift+O, kenako Import and Backup, n'kulowetsa fayiloyo. Mafoda anga onse, kuphatikizapo ya masamba a MRA ndi ESCOM amene ndimatsegula kawirikawiri, anafika monga mmene ndinawasanjira.

Pa mapasiwedi anatsegula chrome://password-manager/settings n'kusankha Export passwords. Kompyuta inafunsa pasiwedi ya Windows, ndipo amisiriwo anandipatsa mpando kuti ndilembe ndekha, iwo atayang'ana kumbali, zimene zinandisangalatsa kwambiri. Fayilo ya CSV imene inatuluka anailowetsa kudzera pa about:logins. Tinawerenga mbali zonse ziwiri n'kupeza mapasiwedi 86, kenako tinayesa kulowa mu imelo kuti titsimikize.

Dandaulo langa lili pa fayilo ya CSV imeneyi. Nditafika kunyumba ku Chilomoni ndinaipeza ikadali mu fulashi, ndipo nditaitsegula mu Excel ndinaona dzina la tsamba lililonse, dzina lolowera ndi pasiwedi yake zili poyera, popanda loko aliyense. Fulashi imeneyi ndi yomwe ana amapita nayo kokasindikiza mapepala a kusukulu. Ndinaifufuta nthawi yomweyo, pamodzi ndi inzake imene inatsala pa kompyuta yakale ndi mu Recycle Bin, ndipo pasiwedi ya kubanki ndi ya imelo ndinazisintha usiku womwewo. Amisiriwo akanayenera kuifufuta pamaso panga, kapena kungondichenjeza.

Makonzedwe a bulawuza, monga tsamba loyambira ndi foda yofikira zotsitsa pa intaneti, salowa m'mafayilo awiriwa, ndipo anandiuziratu kuti ndidzawakonza pamanja. Masamba onse anafunanso kuti ndilowe kachiwiri, ena n'kutumiza nambala yotsimikizira pa foni, choncho amene akupita kukasamutsa asaiwale foni imene analembetsera maakaunti ake.