Mchere wa m'paketi, usipa, mtedza wa ku Brazil ndi mapilisi a ndere: chiti chithandiza chithokomiro?

Chiyambire pamene ndinadwala chithokomiro chaka chatha, anzanga a ku kwaya ndi a kuntchito sakundipatsa mpata. Uyu akufunsa ngati agule mapilisi a ayodini, uyu akuti mlamu wake wa ku Joni wamutumizira mtedza wa ku Brazil. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba pano kamodzi. Ndinene poyera kuti mapilisi ndili nawo mangawa, ndipo muona chifukwa chake.

Chithokomiro chimapanga timadzi timene timauza thupi liwiro loyendera: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kagayidwe ka chakudya. Timadzi timeneti pa pepala la kuchipatala timalembedwa T4, ndipo 4 ameneyo ndi tizidutswa tinayi ta ayodini. Kuti tigwire ntchito, thupi limathothola kachidutswa kamodzi kuti T4 asanduke T3, ndipo chothotholeracho chimapangidwa ndi seleniyamu. Seleniyamu yemweyo ndi amene amatsuka mankhwala owotcha amene chithokomiro chimatulutsa chikamagwira ntchito. Munthu wamkulu amafunika mamayikulogalamu 150 a ayodini patsiku, mayi woyembekezera 250, ndipo seleniyamu 55 basi. Mayikulogalamu imodzi ndi galamu yogawidwa kamiliyoni, ndiye kupitirira muyezo sikuchedwa.

Ndiyambe ndi mapilisi a ndere za m'nyanja yamchere, aja pabotolo amalemba kuti Kelp. Ndinali ndi kachotupa pakhosi kuyambira ndili mtsikana, kosapweteka, kongooneka ndikameza. Mayi wina wogulitsa zowonjezera m'thupi anandigwira pakhosi n'kunena kuti, "Asisi, apa pakusowa ayodini, mwezi umodzi katha aka." Ndinatulutsa K38,000. Pabotolo panalembedwa kuti pilisi limodzi lili ndi mamayikulogalamu 325, koma iye anati ndizimwa atatu patsiku kuti zifulumire. Werengani nokha: atatu ndi 975. Onjezani pafupifupi 150 amene ndinkapeza kale mu mchere wa m'ndiwo, mwafika 1,125. Malire amene madokotala a ku America anaika kwa munthu wamkulu wopanda vuto ndi 1,100, pamene a ku Ulaya amati 600. Ine sindinali wopanda vuto ayi.

Patatha milungu 6 mtima unayamba kuthamanga ngakhale nditangokhala pa mkeka. Ndinkatuluka thukuta mu Juni, anzanga atavala majuzi. Siketi inayamba kukhwepa koma ndikudya kuposa kale, ndipo kapu ya tiyi inkagogoda pa sosala chifukwa cha kunjenjemera kwa manja. Nditamuimbira mayi uja anati ndi poizoni amene akutuluka m'thupi, ndipitirize. Kuchipatala anayeza magazi n'kupeza TSH, timadzi timene timalamula chithokomiro kugwira ntchito, ili pansi penipeni, T4 ili pamwamba. Adokotala anandifotokozera kuti chotupa chokhalitsa chimatha kukhala ndi timibulu timene sitimvera malamulo a thupi. Ayodini akakhala wochepa timangokhala chete, koma ukatithira wambiri timapanga timadzi mosalekeza. Anandiletsa mapilisiwo tsiku lomwelo n'kundipatsa mankhwala ochepetsa kuthamanga kwa mtima. Ndalama zoyezera magazi katatu ndi zoyendera zinaposa mtengo wa botolo lija, ndipo kachotupa kalipobe.

Sizinayambire pa ine. Ku Zimbabwe, atayamba kuthira ayodini mu mchere cha m'ma 1990, matenda a chithokomiro chothamanga anachuluka, makamaka mwa akuluakulu amene anali ndi zotupa zakale, chifukwa mchere wina unkathiridwa wopitirira. Kwa anthu ena ayodini wochuluka amachita zosiyana: chithokomiro chimazima, munthu n'kumangofooka, kumva kuzizira ndi kunenepa, ndendende ngati amene akusowa ayodini. N'chifukwa chake kungoyang'ana khosi sikungakuuzeni mbali imene muli. Ndere nazo sizili ndi muyezo wokhazikika, moti zolembedwa pabotolo sindizikhulupiriranso.

Mchere wa m'paketi wolembedwa kuti Iodised ndiwo ndaupatsa malo oyamba pa nkhani ya ayodini, mosapikisana. Ukakhala wothiridwa bwino, magalamu 5, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, amapereka pafupifupi zonse za tsiku. Musawonjeze mchere pofuna ayodini, mungaitane BP. Kulephera kwake n'kuti mulibe seleniyamu, komanso ukakhalitsa pachinyezi ndi padzuwa ayodini amachepa. Wa pamulu uja wa pamsika, wa miyalamiyala, sudziwa kumene wachokera. Ine wanga ndimathira m'botolo lotseka n'kuika kutali ndi mbaula. Abale a kunyanja amene amadya kondowole asamale kwambiri apa, chifukwa chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimasiya m'thupi mankhwala otchinga ayodini kulowa m'chithokomiro.

Seleniyamu ndiye vuto lathu lenileni kuno kwathu, ndipo ambiri sitilidziwa. Nthaka ya madera ambiri a ku Malawi imagwira seleniyamu osamupereka ku mbewu, choncho chimanga chake chimakhala ndi wochepa kwambiri. Ofufuza atayerekeza amayi a ku Zombwe ku Mzimba ndi a ku Mikalango ku Chikwawa, anapeza kuti a ku Chigwa cha Shire ali ndi seleniyamu wambiri m'magazi, chifukwa dothi lakuda la kumeneko limamupereka mosavuta. Nsima yofanana, koma zam'kati zosiyana. Dziko la Finland linathana ndi vuto lotere pothira seleniyamu mu feteleza kuyambira 1984. Ife tikudikira zimenezo, chotipulumutsa ndi ndiwo.

Apa ndi pamene usipa, matemba ndi mazira zimapambana. Nsomba ndi nyama zili ndi seleniyamu wabwino, ndipo dzira limodzi limapereka mamayikulogalamu pafupifupi 15, kuphatikiza ayodini pang'ono. Simungapitirire malire ndi mbale ya usipa ngakhale mutaikonda bwanji. Koma musanamizidwe kuti nsomba zathu zilowa m'malo mwa mchere: za m'Nyanja ya Malawi ndi za madzi opanda mchere, ndipo ayodini wake ndi wochepa poyerekeza ndi za ku Beira kapena Nacala.

Mtedza wa ku Brazil ndimaupatsa ulemu koma ndimauopa. Njere imodzi yokha imakhala ndi seleniyamu pakati pa 68 ndi 91, ndipo zina zimaposa pamenepo kutengera nthaka imene mtengo unamera. Imodzi yakwana tsiku. Vuto ndi dzanja lathu lozolowera kutapa mtedza wokazinga: njere 6 zitha kudutsa 400, amene ndi malire a patsiku a madokotala a ku America. Mukachita zimenezi kwa milungu, tsitsi limayamba kuthothoka, zikhadabo zimasweka, ndipo mpweya wa m'kamwa umanunkha ngati adyo musanadye adyo. Mapilisi a seleniyamu, amene ambiri amakhala a 200, ndingamwe pokhapokha adokotala atalemba. Kumpoto kwa Congo madokotala anapatsapo seleniyamu anthu amene ayodini anali atawathera kwambiri, ndipo mwa ena chithokomiro chinafookeratu. Ayodini ayambe wakwana, seleniyamu abwere pambuyo.

Ndiye mukandifunsa, kwanga ndi paketi ya mchere wothira ayodini, usipa kapena matemba katatu pa mlungu, mazira ndikawapeza. Mtedza wa mlamu wanu idyani njere imodzi, ina mawa. Amene ali ndi chotupa, kapena woyembekezera, akayezetse TSH asanameze chilichonse cha m'botolo. Botolo langa la ndere lili pamwamba pa kabati ndi mapilisi otsala, ndipo mayi uja akandiona ku tchalitchi amatulukira khomo lina.