Ndemanga ya Samsung T7 Shield ya 2 TB, nditaigwiritsa ntchito posunga makanema kumudzi

Ndinagula Samsung T7 Shield ya 2 TB, yomwe ndi SSD, kachipangizo kosungiramo mafayilo kopanda mbale zozungulira m'kati, chifukwa ntchito yanga yojambula makanema imanditengera kumadera kumene munthu sangabwerere mawa kukajambulanso zomwe zatayika. Ndaigwiritsa ntchito pafupifupi chaka chathunthu, pa maukwati, pa zinkhoswe ndiponso pa ntchito za mabungwe, koma ndemanga iyi ndaitsamiritsa pa ulendo umodzi wa masiku anayi m'boma la Ntchisi, kumene tinkajambula alimi nthawi ya chilimwe, chifukwa kumeneko ndi kumene ndinaona bwino zomwe chipangizochi chingathe kuchita ndi zomwe chimasiyira mwini wake.

Pa kapangidwe kake sindichedwapo. Ndi kachipangizo kolemera magalamu 98, kokutidwa ndi labala, ndipo kamabwera ndi zingwe ziwiri, china cha USB-C mbali zonse ndi china cholowa m'bowo lakale la USB-A. Opanga amati kamawerenga mpaka megabayiti 1,050 pa sekondi, kamalemba mpaka 1,000, ndipo kamapirira kugwa kuchokera pa mamita atatu. Chizindikiro cha IP65 chimatanthauza kuti fumbi sililowa ndipo madzi owaza sakaononga, koma sichitanthauza kuti kangamizidwe m'madzi. Fumbi la m'misewu ya ku Ntchisi linalowa paliponse, ngakhale m'chikwama cha makamera, koma kachipangizoka ndinkangokapukuta ndi kansalu. Ukakalumikiza ku kompyuta ya Windows umaona malo okwana pafupifupi 1.8 TB, ndipo kumeneko si kuberedwa ayi, ndi kusiyana chabe kwa kawerengedwe.

Tinali ndi makamera awiri, onse ojambula 4K pa megabiti 100 pa sekondi, zomwe zimadya pafupifupi 45 GB pa ola. Kamera yaikulu inkajambula maola atatu patsiku ndipo yachiwiri maola awiri, kotero madzulo aliwonse ndinkakhala ndi 225 GB pa makhadi atatu a 128 GB, osawerengera mawu a pa chojambulira mawu omwe sadya malo ambiri. Makhadi onse tinali nawo asanu ndi limodzi. Aliyense wodziwa masamu aona kale vuto: makhadiwo ankakwanira masiku awiri okha, ndipo pa tsiku lachitatu ndinayenera kufomata makhadi a tsiku loyamba, kutanthauza kufufuta zonse za m'menemo, tili kumudzi komweko. Kufomata khadi limene lili ndi nkhani ya gogo amene wayenda mtunda wautali kuti adzalankhule nafe si chinthu chochita mopepuka, ndipo dongosolo lonse lomwe ndifotokoze linamangidwa pofuna kuti mphindi imeneyo ikafika dzanja lisanjenjemere.

Khadi likadzaza, wothandizira wanga ankalitulutsa, kutsitsa kaloko ka m'mbali mwake kuti pasalembedwenso kanthu, kulimata katepi kofiira kolembedwa dzina ngati A001 kapena B001, kenaka kuliika m'kabokosi chafufumimba. Khadi la tepi yofiira silinkabwereranso m'kamera, zivute zitani. Madzulo ndinkalumikiza chowerengera makhadi, SSD imeneyi ndi hadi disiki wamba ya 2 TB ku laputopu, ndipo pa zosungira zonse ziwiri mafoda ankakhala ofanana ndendende:

```
NTCHISI/TSIKU1/A001
NTCHISI/TSIKU1/A002
NTCHISI/TSIKU1/B001
```

Khadi lililonse limafunika foda yakeyake, ndipo umakopera khadi lonse monga liliri, osati kusankha mafayilo a kanema okha. Chifukwa chake nchakuti makamera awiri a mtundu umodzi amatha kutulutsa mayina ofanana, monga `C0001.MP4`, ndipo ukawathira m'foda imodzi utatopa, nkuvomera funso la pa kompyuta usanaliwerenge, fayilo ina imalembedwa pamwamba pa inzake popanda chokuchenjeza china.

Sindikoka mafayilo ndi dzanja. Ndimagwiritsa ntchito `Clone Tool` ya mu pulogalamu yokonzera makanema ya DaVinci Resolve, yomwe imapezeka pa tsamba la `Media` ngakhale mu mtundu wake waulere. Umaloza khadi ngati gwero, nkuloza malo awiri opitako, ndipo pulogalamuyo imawerengera nambala yapadera ya fayilo iliyonse, yotchedwa chekisamu, nkuiyerekeza ndi ya fayilo yokoperedwa. Ngati kachidutswa kamodzi kokha kasintha m'njira, manambalawo sagwirizana. Kuyang'ana kukula kwa foda sikokwanira, chifukwa fayilo yoonongeka imatha kukhala ndi kukula koyenera ndiponso kachithunzi kooneka bwinobwino.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chomwe sichilembedwa pa katoni. Liwiro la SSD silikuthandiza pokopera ngati khadi ndi chowerengera chake nzochedwa. Makhadi athu anali a UHS-I, omwe ankatipatsa pafupifupi megabayiti 90 pa sekondi, kotero 225 GB inkatenga mphindi zoposa 40 kungokopera kokha, SSD ikungodikira ngati minibasi yodikira anthu pa siteji. Makhadi a UHS-II, omwe amadziwika ndi mzere wachiwiri wa timano kumbuyo, akanatha ntchito yomweyo m'mphindi pafupifupi 15 ndi chowerengera choyenera, koma mtengo wake ndi wina. Pomwe liwiro la T7 Shield linaonekera ndi potsimikizira: kuwerenganso 225 GB pa iyo kunkatenga mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, pamene pa hadi disiki, yomwe imayenda pa megabayiti 110 kapena kuzungulira pamenepo, kunkatenga theka la ola ndi kupitirira. Ntchito yonse inkatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka.

Kusiyana kumeneku kunakhala kofunika pa tsiku lachiwiri. Komwe tinkagona kunalibe magetsi a mawaya, tinkadalira sola ya pa nyumba ina, ndipo tsiku limenelo batire la laputopu linali pa theka. Ndinasankha kukopera ku SSD yokha ndi kutsimikizira, chifukwa imadya moto wochepa ndipo imamaliza msanga, ndipo hadi disiki ndinaisiya mpaka m'mawa dzuwa litatuluka. Usiku umenewo makanema anali pawiri, pa makhadi ndi pa SSD, ndipo ndinagona. Ndikanayamba ndi zonse ziwiri laputopu nkuzima pakati, ndikanatsala ndi makope awiri osatha, osadziwika pomwe alekezera.

M'mawa mwake ndinakopera ku hadi disiki kuchokera pa makhadi enieniwo, osati pa SSD, ndipo pamenepo `Clone Tool` inakana fayilo imodzi ya pa B002. Ndinaitsegula pa hadi disiki: kukula kwake kunali kolondola, inayamba kuonetsa bwino, koma itafika cha pa mphindi yachisanu ndi chiwiri chithunzi chinasweka m'timabokosi tobiriwira kwa kanthawi kochepa, ndendende pamene mlimi ankafotokoza za mbewu yake. Kope la pa SSD linali langwiro, ndipo khadi nalo linalibe vuto. Wolakwa anali chowerengera makhadi chotsika mtengo, chopanda ngakhale dzina, chomwe ndinagula mofulumira mu msika, chimene bowo lake linali litayamba kugwedera. Ndinabwereka cha mnzanga, ndinakoperanso khadi lonse, ndipo manambala anagwirizana. Ndikanakhala kuti ndimangokoka mafayilo ndi dzanja, ndikanafomata khadi limenelo pa tsiku lachinayi ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndili ndi makope awiri abwino, pamene labwino linali limodzi.

Choncho lamulo langa lofomatira lili ndi zinthu zitatu zoyenera kuchitika kaye. Khadi liyenera kukhala pa zosungira ziwiri zosiyana, makope onse awiri atadutsa pa chekisamu, ndipo ine mwini nditatsegula kanema woyamba, wapakati ndi womaliza pa kope lililonse nkumvetsera ngati mawu alipo. Chekisamu imangotsimikizira kuti kope likufanana ndi khadi, siinena ngati kamera inajambula bwino, ndiye maso ndi makutu a munthu amafunikabe. Zikatero ndimalemba m'kabuku dzina la khadi, kukula kwake ndi chiwerengero cha mafayilo, ndimachotsa tepi yofiira, nkulifomata m'kamera momwe likagwire ntchito, osati pa laputopu, kuti kamerayo ikonze mafoda ake monga ifunira. Ndimayamba ndi khadi lakale kwambiri, ndipo sindifomata lililonse lisanafunike, popeza khadi losafomata ndi kope lachitatu laulere. Zotumiza makanema pa intaneti tili kumudzi sindinaziganizire nkomwe, chifukwa 225 GB patsiku pa bandulo ya foni ndi netiweki ya kumeneko ndi nthano chabe.

Makope awiri ogona m'chikwama chimodzi amabedwa limodzi ndipo amanyowa limodzi. Apa kuchepa kwa T7 Shield kunandithandiza kwambiri, chifukwa inkakhala m'thumba la malaya anga usana wonse, pa njinga yamoto ndi m'minda momwe, pamene hadi disiki, yomwe ili ndi mbale zozungulira m'kati ndipo siifuna kugwedezeka, inkatsala yokulungidwa m'chikwama cha mnzanga. Pobwerera ku Lilongwe sitinaziike m'chikwama chimodzi.

Pali malire awiri amene wogula ayenera kuwadziwa, ndipo onse sali olakwa a chipangizochi. Loyamba ndi chingwe. Tsiku lina ndinatola chingwe chotchajira foni chifukwa mutu wake ndi wofanana, ndipo liwiro linatsika kufika pa megabayiti 40 pa sekondi, popeza zingwe zambiri zotere ndi za USB 2.0 m'kati mwake. Bowo la laputopu nalonso limaika malire: la 5 Gbps limakupatsa pafupifupi megabayiti 400, ndipo liwiro lonse limafuna bowo la USB 3.2 Gen 2. Ukaona manambala otsika, yamba wakayikira chingwe ndi bowo. Tsopano chingwe chake ndinachimata tepi yachikasu ndipo sichichoka m'kathumba kake. Lachiwiri ndi chikhalidwe cha SSD iliyonse: ikafika pofa, kawirikawiri imangozima osayamba yalira kapena kugogoda monga ichitira hadi disiki, ndipo kupulumutsa zam'kati mwake nkovuta. Nchifukwa chake sindiiyesa nkhokwe ya zaka zambiri. Ndikafika kunyumba ndimakopera zonse ku hadi disiki yaikulu ya mu ofesi, ndi chekisamu yomweyo, ndipo hadi disiki ya paulendo imakagona kwa mchemwali wanga mpaka ntchito itaperekedwa kwa eni ake.

Za nambala yachinsinsi yotsekera chipangizochi, ilipo, koma ine sindiiyatsa paulendo, chifukwa imafuna pulogalamu yake pa kompyuta iliyonse yomwe ungalumikizeko, ndipo laputopu yanga itafa kumudzi ndingafune kuti ya mnzanga iwerenge makanemawo nthawi yomweyo. Amene amajambula nkhani zachinsinsi angaganize mosiyana, ndipo ndingawamvetse.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi ndi theka mwa zisanu, ndipo theka lachotsedwalo ndi la mtengo, chifukwa ndalama yake ingagule mahadi disiki oposa imodzi a kukula komweko. Wojambula amene alibe chosungira chilichonse ndipo ndalama zake nzokwanira SSD imodzi yokha, ndingamulangize ayambe wagula mahadi disiki awiri ndi chowerengera makhadi chodalirika. Amene ali kale ndi hadi disiki, ndipo amagwira ntchito kofumbi ndi kosowa magetsi, aigule. Ya 2 TB inanyamula 900 GB ya masiku anayi aja nkutsala ndi malo okwana ulendo wina wotere, ndipo ndinayamba kudula kanemayo kuchokera pa iyo mwachindunji popanda kudodoma kulikonse.