Ndemanga: intaneti ya 50 Mbps imafikadi pa rauta, koma kuchipinda imafika yochepa

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito intaneti ya pakhomo ya kampani ina kuno ku Lilongwe kwa miyezi ingapo, ndipo phukusi limene ndimalipira mwezi ndi mwezi ndi la liwiro la 50 Mbps, kutanthauza mamegabiti 50 pa sekondi, kudzera pa chingwe cha faiba. Maganizo anga ndi akuti masana kampaniyi imabweretsadi liwiro limene inalonjeza mpaka pa rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti m'nyumba, koma mmene amisiri ake anaitcherera rautayo ndiponso malo amene anaiika zinachititsa kuti kwa nthawi yaitali tizilandira kagawo kochepa chabe ka zimene timalipira.

Masiku oyambirira foni yanga inkaonetsa 8 kapena 9 Mbps kuchipinda chogona, ndipo nditadandaula ku ofesi yawo anangondiyankha kuti kumbali yawo zonse zili bwino. Pofuna kudziwa pamene pagona vuto, ndinalumikiza laputopu ku rauta ndi chingwe cha netiweki pa bowo lolembedwa LAN, ndinazimitsa wayifayi ya laputopuyo, ndipo ndinapempha apabanja kuti asiye kaye kuonera mavidiyo. Pulogalamu yoyezera liwiro ya Speedtest inaonetsa 47 Mbps. Apa zinadziwika kuti intaneti imalowa bwino m'nyumba, ndipo liwiro limatayika pakati pa rauta ndi foni. Nambala imene makampani amalengeza ndi ya chingwe chofika pakhomo, pomwe wayifayi ndi ulendo wina wachiwiri wodutsa mumpweya.

Rauta imene anatipatsa imatha kuulutsa wayifayi pa mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz, koma amisiri anasiya 5 GHz ili yozimitsa. Mafunde a 2.4 GHz amafika patali ndipo amapyola makoma mosavutikirapo, koma njira yake ndi yopapatiza, chifukwa matchanelo amene sapondana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11. Ife timakhala mumpanda wa nyumba za lendi zoyandikana, moti ndikatsegula wayifayi pa foni pamatuluka mndandanda wautali wa mayina a marauta a anansi, ndipo ambiri mwa iwo anali pa tchanelo chimodzi ndi ife. Zipangizo zimene zili pa tchanelo chimodzi zimatumiza uthenga mosinthana, ngati anthu otunga madzi pa mjigo umodzi, kotero kuti mnansi akamaonera mpira pa intaneti, foni yanga imadikira nthawi yake ngakhale kuti timalipira ku makampani osiyana. Komanso foni imene ili patali imalankhulana ndi rauta pang'onopang'ono, choncho imachedwa kupereka mpata, ndipo imachedwetsanso anzake amene ali pafupi.

Malo nawonso anali olakwika. Rautayo anaisiya pansi pakona ya pabalaza, kuseri kwa wayilesi yakanema, chifukwa ndi pamene chingwe chawo chinathera, ndipo kuti mafunde afike kuchipinda ankayenera kupyola makoma awiri a njerwa zowotcha opakidwa pulasitala.

Kuti ndilowe m'kati mwa rauta n'kusintha mmene anaitcherera, ndinalemba pa burawuza ya laputopu 192.168.1.1, imene ndi adiresi yosindikizidwa kunsi kwa rauta yathu, ndinayatsa 5 GHz ndi kuipatsa dzina lakelake, kenaka ndinasamutsa 2.4 GHz kupita pa tchanelo 11 pamene panali anansi ochepa. Ndinagulanso chingwe chachitali n'kukweza rautayo pa shelefu ya m'kakhonde ka pakati pa nyumba. Tsopano pabalaza foni imaonetsa pafupifupi 45 Mbps pa 5 GHz, ndipo kuchipinda imapitirira 30 Mbps. Komabe 5 GHz imafooka msanga ikakumana ndi khoma, moti kukhitchini ya panja siifika, ndipo foni yakale ya amayi siiona n'komwe chifukwa inapangidwira 2.4 GHz yokha. Wina asadabwenso akaona fayilo ikutsika pa 6 MB/s, kutanthauza mamegabaiti 6 pa sekondi, popeza baiti imodzi ili ndi mabiti 8, ndipo 50 Mbps ikagawidwa ndi 8 imapereka pafupifupi 6 yomweyo.

Zonsezi mmisiri akanatha kuzichita tsiku lolumikiza, ndipo zimandiwawa ndikaganizira makasitomala achikulire amene sangalowe m'kati mwa rauta, amene amalipira ndalama zonse koma n'kumalandira zosakwana theka. Amene akufuna kulembetsa ku kampani ngati iyi aumirire kuti mmisiri ayeze liwiro pa chingwe ndiponso m'chipinda chakutali asanachoke pakhomo.

Vuto limene latsala ndi la kampani yeniyeniyo. Kuyambira cha m'ma 7 koloko mpaka 9 koloko madzulo, ngakhale pa chingwe liwiro limatsika kufika pa 25 kapena 30 Mbps, chifukwa makasitomala ambiri a m'dera limodzi amagawana njira imodzi pa nthawi imene aliyense wafika pakhomo. Pa pangano analemba ndi zilembo zazing'ono kuti liwiro ndi "mpaka" 50 Mbps, koma sanatchule liwiro lotsikitsitsa limene akulonjeza madzulo, ndipo nditawafunsa m'kalata sanandiyankhe mpaka lero.