Masheya a migodi ya golide patatha chaka: chifukwa chake satsatira mtengo wa golide

Amene wasunga masheya a kampani yokumba golide kwa miyezi 12 waona malipoti anayi a kampaniyo, ndipo anayiwo ndi okwanira kumusonyeza kuti sanagule golide ayi. Anagula kandalama kotsala pakati pa mtengo wogulitsira ndi ndalama zokumbira.

Mu lipoti, nambala yoyamba kuyang'ana ndi AISC, muyezo umene bungwe la World Gold Council linakhazikitsa mu 2013. Imasonyeza ndalama zimene kampani imawononga kuti itulutse aunsi imodzi mgodi n'kumayendabe. Tiyerekeze kuti golide ali pa madola 2,000 pa aunsi ndipo AISC ndi 1,400. Phindu ndi 600. Golide akakwera ndi 10 peresenti kufika 2,200, phindu limafika 800, ndiye kuti lakwera ndi 33 peresenti. Akatsika kufika 1,800, limatsala 400. N'chifukwa chake mu 2013, golide atatsika ndi pafupifupi 28 peresenti, thumba la masheya a migodi la GDX linagwa kupitirira theka.

Masamu amenewa ndi oona, koma amaganiza ngati ndalama zokumbira zaima malo amodzi, pomwe siziima. Dizilo, magetsi, zophulitsira miyala ndi malipiro a anthu zimakwera, komanso gawo limene boma limadula pa golide wogulitsidwa limakula mtengo ukakwera. M'chitsanzo chathu chija, AISC ikangofika 1,550, phindu pa 2,200 limangokhala 650, kukwera kwa 8 peresenti basi. Kutsala m'mbuyo mwa golide weniweniyo.

Chimene chimapweteka mwakachetechete ndi kusauka kwa miyala. Aunsi imodzi ndi magalamu 31.1. Ngati tani imodzi ili ndi magalamu 1.5, pamafunika matani pafupifupi 21 kuti aunsi ipezeke, osawerengera golide wotayika posefa. Magalamuwo akatsika kufika 1.2, pafunika matani 26. Magalimoto ndi omwewo, chigayo n'chomwecho, koma ntchito pa aunsi iliyonse yachuluka ndi 25 peresenti. Ndipo nthawi zina kampani imachita dala: mtengo ukakwera imayamba kugaya miyala ya golide wochepa imene kale inkaunjikidwa pambali. Mudzazindikira poona matani ogayidwa akukwera koma maaunsi ali pomwepo.

Ngongole imakokera mbali zonse ziwiri, poti chiwongoladzanja sichisamala kuti golide ali pati. Kampani ikapanikizika imatulutsa masheya atsopano, gawo lanu n'kuchepa, choncho yerekezani chiwerengero cha masheya mu lipoti loyamba ndi lachinayi. Onaninso ngati inagulitsiratu golide wa m'tsogolo pa mtengo wokhazikika, poti golide ameneyo siipindula naye mtengo ukakwera.

Kwa ine, masheyawa samuyenera wofuna pobisalira msika ukagwa, chifukwa pa chipwirikiti ngati cha mu Malichi 2020 anagwera limodzi ndi masheya ena onse. Amamuyenera amene angamawerenge AISC ndi magalamu pa tani miyezi itatu iliyonse.