Mawu otsatsira ndalama za pafoni aja, patatha miyezi tikuwagwiritsa ntchito

"Achimwene, amene anakulemberani mawu otsatsira njira yatsopano yotumizira ndalama pafoni uja, nanenso ndimupatse ntchito?"

Mupatseni, koma muyambe mwamva zomwe zatichitikira ife. Ine ndimayang'anira gulu la achinyamata olembetsa makasitomala, ndipo mawu amenewa ndi omwe akhala akumveka pa wailesi ndi pa chimkuzamawu chathu kuyambira tsiku lotsegulira.

Zabwino zilimo. Ziganizo zake n'zazifupi, munthu amaziwerenga osatha mpweya. Ndondomeko anaiyala bwino: bwerani ndi chitupa, lembetsani, perekani ndalama kwa ejenti, dikirani uthenga pafoni musanachoke. Chiganizo chonena kuti nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale wa kukampani, anthu anachiloweza. Chinanso chomwe sindinkachiwerengera ndi chija chakuti yang'anani dzina lomwe latuluka musanavomereze. Chimenechi chatichepetsera milandu ya ndalama zopita pa nambala yolakwika, ndipo pamenepa mlembiyo ndimamuvulira chipewa.

Vuto lili pa chiganizo chimodzi chomwe chimabwera katatu m'mawuwo: "Tumizani ndalama kwaulere, m'bale wanu akatenge kwa ejenti aliyense, nthawi iliyonse." Potsegulira, kutumiza kunalidi kwaulere. Koma kutapa sikunakhalepo kwaulere, ndipo mawuwo sanena chilichonse za mtengo wotapira.

Onani mmene zimakhalira. Mwana watumizira mayi ake ndalama yokwanira ndendende kulipira ngongole. Mayi afika kwa ejenti, akufuna yonse. Mtengo wotapira umachotsedwa mu akaunti momwemo, pamwamba pa ndalama yomwe ukutapayo, choncho foni ikuyankha kuti ndalama sizikukwanira. Ejenti akuwauza kuti atapeko yocheperapo. Mayi aja anamva pa wailesi kuti n'zaulere, ndiye m'maso mwawo wakuba ndi ejentiyo. Aimbira mwana wawo, mwanayo atiimbira ife atakwiya. Wotumiza akanangouzidwa kuti aonjezere ya kutapira, nkhani yonseyi sikanakhalapo, ndipo kunena zimenezi sikutenga ngakhale masekondi asanu.

Mbali ya "ejenti aliyense, nthawi iliyonse" nayonso inatigwetsa m'mavuto. Ejenti amapereka ndalama zomwe ali nazo m'kabati basi. Anthu ambiri akatapa tsiku limodzi, monga kumapeto kwa mwezi, ndalama za m'manja zimamuthera, n'kutsala ndi fuloti yokhayokha, kutanthauza ndalama za mu akaunti yake ya mufoni. Kukakhalanso kopanda netiweki, palibe chomwe angachite. Kasitomala akabwezedwa kawiri amabwerera kosunga ndalama m'nyumba. Chizindikiro choti mawu akulonjeza mopitirira tinachiona msanga: achinyamata anga anayamba kudumpha chiganizocho akamalankhula ndi anthu maso ndi maso, ena n'kumaonjezera awo mawu. Wogulitsa akayamba kuchita manyazi ndi chiganizo, ndiye kuti afunsidwapo mafunso omwe alibe yankho lake.

Chomwe chandichititsa kulemba izi ndi kalata yolipiritsa yomwe yangofika. Nthawi yotumiza kwaulere itatha, ndinapempha mlembiyo kuti asinthe chiganizo chimodzicho. Anayankha kuti mgwirizano wathu unkalola kukonza kamodzi kokha mawu asanajambulidwe, ndipo kusintha kulikonse pambuyo pake ndi ntchito yatsopano. Kenako ndinamva kuti kusitudiyo anatipatsa fayilo imodzi, mawu ndi kanyimbo zitasakanizidwa kale. Sungadulemo chiganizo popanda kuwononga nyimboyo. Pafunika kuitananso wowerenga yemwe uja, kulipira situdiyo, n'kujambula zonse kuyambira pachiyambi. Zonse pamodzi zikuyandikira theka la zomwe tinalipira poyamba. Usiku umene ndinaiwerenga kalatayo ndinalumbira kuti munthu ameneyu sindidzamutchulanso kwa wina aliyense.

Mtima utatsika ndinamvetseranso mawuwo, ndipo kunena zoona, palibe wina yemwe anatifotokozera za nambala yachinsinsi momveka chonchi. Luso ali nalo. Chimene alibe n'kufunsa. Sanapemphe ndandanda wa mitengo, ndipo sanakhalepo pafupi ndi ejenti kuti amve zomwe makasitomala amadandaula.

Ndiye mukamupatsa ntchito, mumupatse ndandanda wa mitengo yonse tsiku loyamba, yotumizira ndi yotapira yomwe. Chilichonse chokhala ndi tsiku lothera, monga zaulere, chikhale chiganizo chapadera kumapeto, chojambulidwa pachokha. Mulembe mu mgwirizano kuti mudzalandira mawu paokha ndi nyimbo payokha, komanso mtengo wa kukonza kwa m'tsogolo. Gawo lomaliza la malipiro mudzamupatse mawuwo atamveka kwa mwezi wathunthu. Ine ndamuuza kuti ndilipira situdiyo ndi wowerenga, koma za kulembanso chiganizocho sindilipira. Wati aganize kaye, ndipo pakadali pano mawuwo tawachotsa pa wailesi.