CIF, FOB kapena DAP: ine ndinapsa ndi CIF

Anzanga atatu andifunsa mwezi uno wokha kuti sapulaya wa ku China wawatumizira mitengo iwiri, wina walemba FOB wina CIF, atenge uti, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Tizilembo titatuti timachokera mu malamulo a Incoterms a bungwe la International Chamber of Commerce, atsopano ake ndi a 2020 ndipo onse alipo 11, koma ife oitanitsa katundu wochepa timakumana kwambiri ndi anayi kapena asanu basi. Lililonse limayankha mafunso awiri osiyana, ndani akulipira ulendo mpaka pati, komanso katundu akawonongeka panjira alira ndani. Ine ndinkaganiza kuti yankho lake ndi limodzi ndipo ndi pomwe ndinagwera.

Ndiyambe ndi CIF poti ndi imene ndili nayo mangawa. Ndinaitanitsa mainiveta a sola, mabokosi 40, a madola 6,000, ndipo pa invoyisi panalembedwa CIF Dar es Salaam. M'mutu mwanga ndinkati sapulaya walipira sitima, walipiranso inshulansi, ndiye mpaka katundu atafika pa Dar ndi mutu wake. Si choncho ayi. Pa CIF wogulitsa amalipiradi ulendo mpaka doko lomwe mwalemba koma chiopsezo chimasamukira kwa iwe wogula katundu akangokwera m'sitima kwawo komweko ku China. Masabata onse apanyanja aja katunduyo amakhala ali pakhosi pako ngakhale sunamuone ndi maso.

Mabokosi 9 anafika atanyowa, makatoni ofewa ngati phala, mkati dzimbiri litayamba kale. Nditamulembera sapulaya anandiyankha mwaulemu ndithu kuti iye anakweza katundu ali bwinobwino ndipo chikalata cha BL, chomwe a sitima amapereka akalandira katundu, chinalibe chodandaula chilichonse, ndikafunse a inshulansi. Ndipo malinga ndi mgwirizano sanalakwe. Ndiye ndinatsegula pepala la inshulansi lija lomwe ndinali ndisanaliwerengepo, linalembedwa madola 6,600, chifukwa lamulo limati akhale 110 pa 100 ya mtengo, mtima unakhala pansi pang'ono, mpaka ndinaona mawu akuti Institute Cargo Clauses C. Imeneyo ndi inshulansi yotsikitsitsa ndipo ndi yokhayo yomwe CIF imamukakamiza wogulitsa kugula. Imalipira sitima ikamira, ikapsa, ikagundana ndi ina, ikatitimira pamchenga, kapena katundu akatayidwa dala m'nyanja kuti sitima ipulumuke. Madzi kulowa mu kontena, kuba, kuphwanyika pokweza ndi potsitsa, zonsezo mulibemo. Sindinalandire olo tambala.

Chachiwiri chomwe chinandiwawa ndi ndalama za pa doko. Katundu wanga sanadzaze kontena, anasakanizidwa ndi wa anthu ena, zomwe pa mapepala amalemba LCL. Pa CIF amene amasankha kampani yonyamula ndi sapulaya, ndipo iye amasankha yotchipa kwa iyeyo, nthawi zina yotchipa modabwitsa, chifukwa ajenti wa kampaniyo wa pa doko lofikira amadziwa kuti ndalamayo adzakulipiritsa iweyo. Kuti andipatse chilolezo chotulutsira katundu anandilipiritsa ya kutsegula kontena, ya mapepala, ya kusunga, zonse pamodzi zinapitirira madola 500 zomwe sindinaziwerengere, ndipo sungakane poti katundu ali m'manja mwake ndipo masiku aulere akangotha ya sitoreji imayamba kuwerenga tsiku ndi tsiku. Ine ndinali ku Lilongwe kuthamanga m'mabanki kusaka madola uku masiku akupita.

Komanso tisaiwale kuti kwathu kulibe nyanja yofikako sitima zimenezi. CIF imathera pa doko, kaya ndi Dar, Beira kapena Nacala, ndiye thiraki yochoka pa Dar kudutsa Mbeya mpaka pa Songwe, mapepala odutsira m'dziko la eni, wokiliyara pa boda, msonkho wa MRA, zonsezo ndi zako. Ndipo pepala la inshulansi likalembedwa kuti ulendo ukuthera pa Dar, msewu wonse uja katundu akuyenda wopanda chomuteteza. Munthu wa ku Mombasa CIF ikhoza kumukwanira, ife imatisiya pakati pa njira.

FOB ndi yomwe ndikugwiritsa ntchito pano. Chodabwitsa nchakuti chiopsezo chimasamuka pamalo omwewo ngati pa CIF, katundu akakwera m'sitima, ndiye sukutaya kanthu kumbali imeneyo. Kusiyana kwake ndi kwakuti wonyamula umasankha wekha. Sapulaya amafikitsa katundu pa doko la kwawo, amathana ndi a kasitomu a kwawo, amamukweza, basi. Ine ndimafunsa makampani awiri atatu onyamula kuti andipatse mtengo wa ulendo wonse mpaka Lilongwe wolembedwa mzere ndi mzere, za pa doko zikhalemo, masiku aulere alembedwe, kenako ndimagula ndekha inshulansi ya Clauses A, yomwe imateteza pafupifupi chilichonse, yoyambira kufakitale mpaka kugodauni kwanga. Poyang'ana koyamba imaoneka yodula kuposa CIF koma ndalama yonse umaidziwa katundu asananyamuke. Vuto lake ndi loti ntchito yambiri ndi yako, ndipo wonyamula wako akachedwa kupeza malo m'sitima ngongoleyo siigwera sapulaya.

Pali kanthu kena kamene ambiri sitikadziwa. Eni malamulowa amanena kuti FOB ndi CIF sizoyenera kwenikweni katundu wa mu kontena, chifukwa kontena imaperekedwa ku bwalo la pa doko masiku angapo isanakwezedwe, ndiye ikawonongeka ili pamenepo mkangano umavuta. Amalangiza FCA, pomwe wogulitsa amapereka katundu kwa wonyamula amene wasankha iwe, m'malo mwa FOB, ndi CIP m'malo mwa CIF. CIP ndimaikonda ndithu, kuyambira 2020 imafuna inshulansi ya Clauses A ndipo utha kulemba malo a kumtunda monga CIP Blantyre, kungoti chiopsezo chimabwera kwa iwe msanga kwambiri, katundu akangoperekedwa kwa wonyamula woyamba. Masapulaya ambiri anazolowera FOB basi, koma funsani.

EXW, yokatenga wekha katundu kufakitale ya sapulaya, imaoneka yotchipa chifukwa mulibe kalikonse, ngakhale kukweza pa galimoto ndi mapepala otulutsira katundu m'dziko lawo ndi zako, ngati mulibe munthu kumeneko isiyeni.

DAP ndiye ya mtendere. Wogulitsa amalipira ulendo komanso amasenza chiopsezo mpaka pamalo omwe mwalemba, iwe ukungolipira msonkho wolowetsera katundu ndi kutsitsa. Mabokosi 9 aja akanakhala pa DAP Lilongwe akanakhala mutu wa sapulaya. Koma ukachedwa kukiliyara, ndalama za kudikira kwa thiraki pa boda zimabwera kwa iwe. DDP imawonjezera msonkho pa wogulitsa, imamveka bwino, koma ine sindiikhulupirira, chifukwa munthu ali ku Guangzhou sadziwa za MRA ndipo mtengo ukatsika kwambiri dzifunse kuti pa boda alembapo chiyani ndipo pa dzina la ndani. Musaganizenso kuti FOB imachepetsa msonkho, a kasitomu amawonjezerabe ya sitima ndi inshulansi powerengera.

Ndiye kwa anzanga aja, katundu wochepa ndipo ndi koyamba pemphani DAP ndipo mulembe malo enieni ndi chaka, monga DAP Kanengo, Lilongwe, Incoterms 2020. Ngati muli ndi wonyamula amene mumamudalira tengani FOB kapena FCA. Sapulaya akakakamira CIF, musanatumize dipoziti akupatseni dzina la ajenti wa pa doko ndi mitengo yake yolembedwa, ndipo mumulipire pang'ono pamwamba kuti inshulansi ikhale ya A yofika mpaka kwanu.